Kukonzetsa zolakwika pa chikalata cha ejenti wa ntchito chisanapite kwa olemba ntchito

Munthu akafunsira ntchito kudzera kwa ejenti, chikalata chimene chimafika pa desiki ya bwana wolemba ntchito kawirikawiri sichikhala CV imene mwini wake analemba. Ejenti amatenga CV ija, n'kuphatikiza ndi zimene anamva pocheza naye pa foni kapena mu ofesi, kenako n'kulemba chikalata chakechake chokhala ndi chizindikiro cha kampani yake pamwamba. Nambala ya foni ndi imelo ya wofuna ntchito amazichotsapo kuti olemba ntchito asamulambalale n'kukalankhula naye okha. Pamwamba amawonjezerapo ndime yachidule yomuyamikira munthuyo, komanso mizere yofotokoza malipiro amene akulandira pano, amene akufuna, ndi tsiku limene angayambe ntchito. Chikalata chimenechi n'chimene olemba ntchito amawerenga posankha oti awaitane ku intaviyu. Dzina limene lili pamwamba pake ndi la wofuna ntchito, koma mawu ambiri amene ali m'katimo ndi a munthu wina, ndipo mwini dzina nthawi zambiri sanachionepo.

Zolakwika zimalowa m'chikalatachi kudzera m'njira zingapo. Makampani ambiri a maejenti ali ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imawerenga CV n'kugawa yokha mawu m'mabokosi a dzina, sukulu, ntchito ndi masiku. CV yokhala ndi matebulo kapena mizere iwiri yoyandikana imaisokoneza, moti masiku a ntchito ina amakagwera pa ntchito ina. Pulogalamu yopangidwa motsatira kalembedwe ka ku America imayamba ndi mwezi, ndiye 03/04 imene mwini wake amatanthauza 3 Epulo imasanduka 4 Malichi. Njira ina ndi notsi za ejenti mwini, zolembedwa mothamanga pa foni netiweki ikudukaduka. Ina ndi CV yakale imene inatsalira m'kompyuta ya kampaniyo kuchokera pamene munthuyo anafunsira ntchito ina zaka zitatu zapitazo. Ndipo pali njira imene maejenti sakonda kuitchula, yomwe ndi kukometsera dala. Ejenti amalipidwa ndi kampani yolemba ntchito, kawirikawiri gawo la malipiro a chaka choyamba a munthu amene walembedwayo, ndipo amalandira pokhapokha munthu wake atasankhidwa. Amakhala ngati mkhalapakati wokafunsira mbeta m'malo mwa mnzake, amene akafunsidwa za munda wa mnyamatayo amaukulitsa pang'ono.

Chitsanzo cha mayi wowerengera ndalama

Nkhaniyi imamveka bwino poyerekeza munthu mmodzi. Mayi wina wa ku Blantyre amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani yogulitsa katundu mopikulitsa. Kampani ya maejenti yamuimbira kuti bungwe lina ku Lilongwe likufuna akauntanti wamkulu. Acheza kwa mphindi makumi awiri, mayiyo watumiza CV yake, ndipo ejenti wanena kuti mayina apita Lachisanu. Mayiyo wapempha kuti aone chikalatacho chisanapite, ndipo chafika Lachitatu madzulo. Pochiwerenga wapezamo zinthu zinayi zosiyana ndi zoona.

Choyamba chili pa maphunziro. Kutsogolo kwa dzina lake ejenti walembapo zilembo zoti ACCA, ngati kuti ndi membala wathunthu wa bungwe la maakauntanti limeneli. Mayiyu anakhoza mayeso onse khumi ndi atatu, koma kukhoza mayeso sikumusandutsa munthu membala. Bungweli limafunanso kuti munthu amalize phunziro la makhalidwe oyenera pa ntchito, ndiponso agwire ntchito yoyenera kwa miyezi 36 imene womuyang'anira wake waisayinira, kenako afunsire umembala. Amene wamaliza mayeso koma sanafike pamenepo amatchedwa afiliyeti, ndipo saloledwa kulemba zilembo zija kutsogolo kwa dzina lake. Kwa ejenti amene mawa lake akusakira injiniya ndipo mkuja namwino, kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa. Kwa mkulu wa zachuma amene adzawerenge chikalatacho n'kwakukulu, chifukwa iye anadutsa njira yomweyo. Ndiponso ACCA ili ndi mndandanda wa mamembala ake pa intaneti umene aliyense angafufuzemo dzina. Dzina la mayiyu silikapezekamo, ndipo wofufuzayo sakaganiza za ejenti ayi. Akaganiza kuti mayiyu wanama.

Chachiwiri chili pa masiku a ntchito. Mayiyu anasiya ntchito yake yoyamba mu Ogasiti 2022 n'kuyamba imene ali nayo pano mu Januwale 2023. Miyezi inayi ya pakatipo anali kumudzi kudwazika mayi ake. M'chikalata cha ejenti ntchito yoyamba ija yalembedwa kuti inatha mu Disembala 2022, mpata wonse watsekeka. N'kutheka kuti ejenti anachita dala poopa mafunso, n'kuthekanso kuti CV inangotchula zaka ndipo pulogalamu inadzaza yokha miyezi. Chimene chinachitika chilibe ntchito kwenikweni, chifukwa mapeto ake ndi amodzi. Olemba ntchito akadzaimbira kampani yakale ija, kalaliki wa mu ofesi yoona za antchito adzatsegula fayilo n'kuwerenga tsiku lenileni. Komanso lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limati munthu akasiya ntchito ali ndi ufulu wopatsidwa satifiketi yosonyeza nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake, ndipo olemba ntchito ambiri amaifuna. Mpata wa miyezi inayi umafotokozeka m'chiganizo chimodzi, ndipo palibe bwana wanzeru amene angakane munthu chifukwa chodwazika kholo. Masiku osagwirizana ndi satifiketi ndi amene amavuta kufotokoza.

Chachitatu ndi malipiro, ndipo apa cholakwikacho chikumupweteka mayiyu m'thumba. Atafunsidwa pa foni kuti amalandira zingati, iye anatchula imene imalowa ku banki, pafupifupi K840,000 pa mwezi. Malipiro ake onse, asanadule msonkho wa MRA ndi 5 peresenti ya penshoni, ndi K1,200,000. Ejenti walemba K840,000 pa mzere wa malipiro a pano osanena kuti ndi yotsala akadula, pamene olemba ntchito akaona nambala pa mzere umenewu amaitenga kuti ndi yosadula. Bungwe la ku Lilongwe lija likafuna kumukopa mayiyu pomuwonjezera 20 peresenti, lidzawerengera pa K840,000 n'kupeza K1,008,000. Iwo adzaona ngati amuchitira zabwino kwambiri, chonsecho ndalamayo ikuchepa ndi K192,000 pa imene akulandira kale, ndipo akuyenera kusamuka n'kukafuna nyumba mumzinda wina. Mayiyu akadzakana n'kutchula K1,200,000 pa nthawi imeneyo, zidzaoneka ngati wakweza mtengo ataona kuti amufuna. Nambala yoyamba imene olemba ntchito aiona imakhazikika m'mutu mwawo, ndipo nthawi zina bajeti ya udindowo imakhala itavomerezedwa kale potengera nambala imeneyo.

Chachinayi n'chachifupi. Ejenti walemba kuti mayiyu angayambe pakatha mwezi umodzi, potengera notisi imene anthu ambiri olipidwa pa mwezi amapereka. Kontirakiti yake imati miyezi itatu. Bungwe limene likufuna munthu woti atseke mabuku a chaka mwezi wamawa lidzakhumudwa likadzamva zimenezi litasankha kale.

Zolakwika zinayizi sizofanana kulemera kwake. Anthu ambiri amafulumira kukonzetsa zimene zikuwachepetsa, monga malipiro aja, n'kusiya zimene zikuwakometsera poganiza kuti mwina zithandiza, ndipo zikadzavuta wolakwa ndi ejenti. Kaganizidwe kameneka n'kolakwika. Cholakwika chochepetsa munthu chimamutayitsa ndalama kapena intaviyu imodzi, pamene chomukometsera chingamutayitse ntchito atailowa kale, pamodzi ndi mbiri yake. Lamulo la ntchito lija limalola kuchotsa munthu popanda notisi ngati alibe luso limene anadzionetsa kuti ali nalo, ndipo munthu amene anaona chikalata chonama n'kukhala chete savutika pang'ono kuti aonetse kuti sanadzionetse choncho. Amene akufuna ntchito ku South Africa akhale tcheru koposa, chifukwa lamulo la kumeneko la 2019 linakhazikitsa kuti kunama dala za maphunziro ndi mlandu umene chilango chake chingafike zaka zisanu m'ndende. Kwathu kunonso anthu a ntchito imodzi amadziwana. Maakauntanti a ku Blantyre ndi Lilongwe amakumana pa misonkhano ya ICAM chaka ndi chaka, ndipo mbiri yoti uje anadzitcha chimene sali imayenda msanga kuposa kalata yoikonza.

Kupempha kuona chikalatacho

Palibe chimene chingakonzedwe ngati mwini wake sanachione, choncho pempho loyamba ndi lofuna kuona. Nthawi yake ndi pa kucheza koyamba, ejenti akangofunsa ngati angatumize dzina. Yankho loyenera ndi kuvomera, koma n'kuwonjezera kuti chilolezocho chiyamba kugwira ntchito munthu akaona chikalata chenicheni chimene chipite. Kunena zimenezi poyamba n'kosavuta kusiyana ndi kudzazinena Lachisanu masana, ejenti atagwira kale batani lotumizira.

Maejenti ena amazengereza. Amati chikalatacho n'cha mu ofesi mwawo, kapena muli ndemanga zawo zachinsinsi, kapena nthawi yatha. Pa ndemangazo ali ndi mfundo pang'ono, chifukwa maganizo a ejenti onena kuti munthuyu amalankhula modekha kapena akuoneka wamanyazi ndi ake, ndipo si chinthu chimene munthu angati n'chabodza. Wofuna ntchito angavomere kuti gawo limenelo alibise, n'kupempha mizere ya zinthu zotsimikizika yokha: dzina, maphunziro, maudindo, masiku, malipiro ndi notisi. Ngati nthawi yathadi, ejenti angawerenge mizereyo pa foni kapena kuijambula n'kuitumiza pa WhatsApp, ndipo zimenezi sizitenga mphindi zisanu. Ejenti wokana ngakhale zimenezi ndi wofunika kumukayikira.

Powerenga, chikalatacho chiyenera kuyerekezedwa ndi mapepala enieni, osati ndi zimene munthu akukumbukira. Chiphaso cha unzika cha NRB, masatifiketi a sukulu, kalata yolembedwera ntchito ndi peyisilipi ya mwezi watha zikhale pafupi. Dzina lifanane ndi la pa chiphaso chilembo ndi chilembo, chifukwa Chirwa ndi Chilwa amamveka chimodzimodzi pa foni koma kompyuta yofufuzira imawatenga ngati anthu awiri. Mayi amene satifiketi yake ya MSCE ili ndi dzina la kwawo pamene chiphaso chili ndi la mwamuna wake auze ejenti kuti alembe onse awiri. Dzina la sukulu lilembedwe monga liliri pa satifiketi. Amene anamaliza digiri ku Polytechnic chaka cha 2021 chisanafike anapatsidwa digiri ya University of Malawi, ndipo ejenti wofuna kuoneka wodziwa zatsopano akalemba MUBAS amakhala walemba chimene pepala silikunena. Chimodzimodzinso anamwino amene anaphunzira ku Kamuzu College of Nursing isanalowe mu KUHeS.

Kalembedwe ka pempholo

Pempho lokonzetsa liyenera kukhala lolembedwa. Foni ndi yabwino pomudziwitsa ejenti kuti aime kaye, koma mawu a pa foni sasiya umboni, ndipo ejenti amene akuyendetsa mayina makumi atatu pa sabata amaiwala. Imelo imaposa uthenga wa pa foni chifukwa imalowa m'fayilo ya kampaniyo ndipo mnzake wa mu ofesi angaipeze iye atachokapo. Pa cholakwika chilichonse patchulidwe zimene zalembedwa, zimene ziyenera kulembedwa, ndi pepala lotsimikizira. Mawu olowa m'malo aperekedwe athunthu, oti ejenti angowakopera, chifukwa akauzidwa kuti gawo la maphunziro silili bwino adzalikonza m'njira yake n'kulakwitsanso. Uthenga wa mayi uja ungamveke chonchi:

“Bambo, zikomo ponditumizira chikalata chija. Ndachiwerenga ndipo pali malo anayi amene ndikupempha kuti akonzedwe chisanapite ku Lilongwe. Pa dzina langa pachoke zilembo za ACCA, ndipo pa maphunziro palembedwe kuti ndine afiliyeti wa ACCA, ndinamaliza mayeso onse ndipo ndikumalizitsa miyezi ya ntchito yofunika pa umembala. Ntchito yanga yoyamba inatha mu Ogasiti 2022, osati Disembala, monga satifiketi imene ndaphatikizayi ikusonyezera, ndipo mungalembe kuti miyezi inayi yotsatira ndinali kudwazika kholo. Malipiro anga a pano ndi K1,200,000 pa mwezi asanadule msonkho ndi penshoni. K840,000 imene ndinatchula pa foni ndi yotsala akadula, pepani kuti sindinamasulire bwino. Notisi yanga ndi miyezi itatu malinga ndi kontirakiti. Chonde munditumizirenso chikakonzedwa, ndiyankha tsiku lomwelo kuti Lachisanu musachedwe. Pakadali pano chisatumizidwe kaye.”

Uthengawu suimba ejenti mlandu pa chilichonse, ngakhale pa masiku aja amene mwina anawasintha dala. Kufufuza wolakwa kumangotalikitsa nkhani, ndipo ejenti yemweyu ndi amene akamulankhulire mayiyu kwa olemba ntchito sabata yamawa. Pa malipiro mayiyu wavomera mbali yake chifukwa ndi zoona kuti nambalayo inachokera kwa iye. Chiganizo chomaliza n'chofunika kuposa zonse, ndipo anthu aulemu kwambiri ndi amene amachisiya poopa kumveka ngati akulamula. Popanda chiganizochi ejenti angatumize chikalata chakale n'kunena kuti adzakonza pambuyo. Lonjezo loyankha tsiku lomwelo nalonso si mwambo chabe. Maejenti angapo amakhala akupikisana pa udindo umodzi ndipo woyamba kutumiza dzina ndi amene amalipidwa, choncho wofuna ntchito amene amatenga masiku atatu kuti ayankhe amamuphunzitsa ejenti kuti ulendo wina asadzamuonetsenso.

Mapepala otsimikizira atumizidwe ofunika okha. Pa peyisilipi munthu angabise nambala ya akaunti ya ku banki ndi ngongole zimene akudulidwa, n'kusiya mzere wa malipiro. Pa nthawi imeneyi ejenti sayenera kusunga pasipoti kapena satifiketi yeniyeni ya munthu, chithunzi chake n'chokwanira.

Ejenti akakana

Ejenti wabwino amakonza pasanathe ola, ndipo amathokoza, chifukwa munthu wake akachotsedwa m'miyezi yoyambirira makampani ambiri amafuna kuti abweze ndalama imene analipidwa kapena asake munthu wina kwaulere. Wina amayamba kukambirana. Pa nkhani ya ACCA anganene kuti bungwelo linati likufuna membala, ndipo akalemba afiliyeti dzinalo ligwa pa sefa yoyamba. Nkhawa yake ndi yoona, koma yankho lake si bodza. Mayiyu angamuthandize kupeza mawu oona amene ali ndi mphamvu, monga kunena kuti mayeso onse anatha, miyezi 30 mwa 36 yasayinidwa kale, ndipo umembala ukuyembekezeka m'miyezi isanu ndi umodzi. Ejenti wodziwa ntchito yake amaimbira olemba ntchito n'kufunsa ngati angalandire munthu wotere, ndipo ambiri amalola akauzidwa poyamba. Akakana, ndiye kuti ntchitoyo sinali yake pa nthawi ino, ndipo kudziwa zimenezi Lachinayi kuli bwino kusiyana ndi kudzazidziwa atasiya kale ntchito ya ku Blantyre.

Pali malire pa zimene wofuna ntchito angaumirire. Ejenti ali ndi ufulu wofupikitsa CV ya masamba asanu kukhala awiri, kusintha dongosolo la ndime, kapena kusiya ntchito yakale imene sikukhudzana ndi udindowo, malinga ngati kusiyako sikupereka chithunzi chabodza. Dzina la udindo lili pakatikati. Makampani ena amapereka mayina a maudindo amene kunja samveka, ndipo ejenti amafuna kulemba dzina lodziwika. Njira yabwino ndi kusunga dzina la pa kalata yolembedwera ntchito n'kufotokoza pansi pake zimene munthuyo amachita, monga kuyang'anira anthu atatu ndi kukonza malipoti a pa mwezi. Kusandutsa wothandizira akauntanti kukhala manijala wa zachuma chifukwa choti amagwirako zina za umanijala ndi kusintha chinthu chimene kampani yakale ikafunsidwa idzachikana.

Ejenti akaumirira kutumiza zolakwika, wofuna ntchito alembe kuti wachotsa chilolezo chotumiza dzina lake ku bungwelo, ndipo uthengawo upitenso kwa mkulu wa kampani ya maejentiyo. Apa lamulo lili kumbali yake. Lamulo la m'Malawi loteteza mbiri za anthu la 2024, limene amaliyang'anira ndi a MACRA, limapatsa munthu ufulu woona zimene bungwe likusunga zokhudza iye ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Ku South Africa ufulu womwewu uli mu gawo 24 la lamulo la POPIA, ndipo madandaulo amapita ku Information Regulator. Ku Britain uli mu gawo 16 la UK GDPR, ndipo kampani imayenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi. Komabe mwezi umodzi ndi wautali kwambiri kwa munthu amene dzina lake likupita Lachisanu. Malamulowa amathandiza kuyeretsa fayilo imene yatsala m'kompyuta ya ejenti kuti cholakwika chomwecho chisadzatulukenso pa ntchito ina chaka chamawa, komanso kumukumbutsa ejenti wouma mutu kuti pempholo si lopempha chifundo. Kuwatchula mu uthenga woyamba n'kupsetsa mitima pachabe.

Chikalata chokonzedwa chikabwera, chiwerengedwe chonse, osati malo anayi aja okha. Nambala yakale imakonda kutsalira mu ndime yachidule ya pamwamba kapena mu imelo imene ejenti amalembera olemba ntchito potumiza, ndipo makampani akuluakulu ali ndi mafomu awoawo a pa intaneti amene ejenti amadzaza padera malipiro ndi notisi. Choncho funso loyenera ndi lakuti kodi zakonzedwa ponse pamene zinalembedwa, kuphatikizapo m'fayilo ya munthuyo m'kompyuta ya kampaniyo. Wofuna ntchito ayankhe ndi mawu achidule ovomereza chikalata cha tsiku lakutilakuti, n'kusunga kope lake. Amene akugwira ndi maejenti awiri aonetsetse kuti onse ali ndi mfundo zofanana ndiponso kuti sakutumiza dzina lake ku bungwe limodzi, chifukwa zikalata ziwiri za munthu mmodzi zotchula malipiro osiyana zimachititsa olemba ntchito kuzitaya zonse.

Ngati chinapita kale

Nthawi zina cholakwika chimadziwika chikalata chitafika kale. Chizindikiro chake chimakhala funso lachilendo pa intaviyu, monga wofunsa kutchula udindo umene munthuyo sanaugwirepo, kapena kufunsa kuti umembala anaupeza chaka chanji. Chikadziwika intaviyu isanachitike, ejenti apemphedwe kutumiza chikalata chatsopano ndi mawu onena kuti chikulowa m'malo mwa choyamba ndiponso chimene chasintha, ndipo wofuna ntchito apatsidwe kope la uthengawo kapena chitsimikizo cholembedwa kuti wapita. Malamulo a ku Britain ndi South Africa aja amafunanso kuti amene anapatsidwa mbiri yolakwika adziwitsidwe ikakonzedwa.

Chikadziwikira m'chipinda cha intaviyu, chikonzedwe pomwepo, funsolo lisanayankhidwe. Mayi uja anganene kuti zikuoneka kuti pepala limene ali nalo lalakwika pamenepo, iye ndi afiliyeti ndipo miyezi isanu ndi umodzi yatsala, kenako n'kupereka CV yake yeniyeni imene wabwera nayo yosindikiza. Sayenera kunyoza ejenti pamaso pa ofunsawo, popeza iwo ndi amene anamusankha ejentiyo ndipo mwina agwira naye ntchito kwa zaka. Akatuluka alembere ejenti tsiku lomwelo, kufotokoza funso limene linafunsidwa ndi yankho limene anapereka, n'kupempha kuti chikalata chokonzedwa chitumizidwe kwa mkulu woona za antchito wa bungwelo kuti chilowe m'fayilo asanayambe kuimbira makampani akale ndi kufufuza masatifiketi.